Mayankho Awiri mu Mpata Umodzi

Ana a Fomu 4 a sukulu ina ya cha ku Mavwere analemba mayankho awiri mu mpata umodzi pa mayeso a Chingerezi, ndendende mmene zinalembedwera pa pepala lachinsinsi la ochonga, ndipo aphunzitsi awo anaganiziridwa kuti anawaonetsa pepalalo. Aphunzitsiwo anali mayi wachitsikana, wosalembedwa ndi boma. Inawalemba ndi komiti ya makolo, ndipo komiti yomweyo ikanatha kuwachotsa pa msonkhano umodzi wokha.

Amene ndinayamba kuziona ndine. Nditasiya ntchito ya nyuzipepala ku Lilongwe ndinabwerera kwathu kufupi ndi Kamwendo, ndipo sukulu ina yoyendera inandipempha kuti ndiziphunzitsako Chingerezi. Sukulu za dera lathu zimalembetsa pamodzi mayeso oyeserera, amene ana amangowatchula kuti moko. Mphunzitsi mmodzi amakonza mafunso ndi mayankho ake, ana onse amalemba tsiku limodzi, kenaka aphunzitsi timakumana pa sukulu imodzi kukachonga. Chaka chino tinakumana mvula itangosiya, anthu ali pa kalikiliki wosankha fodya m'zigafa.

Kachongedwe kathu nkofunika kukafotokoza. Palibe amachonga pepala lonse la mwana. Timakhala pa mzere wa madesiki, aliyense ndi gawo lake, ndipo ukachonga gawo lako umakankhira pepalalo kwa mnzako wa kumanja. Timatero kuti ntchito ifulumire, komanso kuti pasapezeke wokondera ana ake. Pofika madzulo gawo lako umalidziwa pamtima, koma za gawo la mnzako sudziwa kanthu.

Ine anandipatsa gawo loyamba, la kudzaza mawu m'mipata. Funso lina linali lotere: "______ did you meet at the market?" Pa pepala la mayankho, limene timalitchula kuti kiyi, panalembedwa kuti who/whom, ndi mawu oti lililonse mwa awiriwa livomerezedwe.

Kiyi sanalakwe. Pa Chingerezi, ukamafunsa za munthu amene wachita chinthu, mawu ake ndi who basi: "Who met you?" Ukamafunsa za munthu amene chinthucho chamuchitikira, monga amene wakumana naye kumsika, mabuku akale amafuna whom, koma anthu polankhula, ngakhale polemba, amangoti who, ndipo palibe amawadzudzula. Whom amamveka wa mu ofesi ndi m'khoti. Malo amene whom sanagonje ndi pamene patsogolo pake pali kamawu ngati to, with kapena from: "To whom did you speak?" Kamawuko kakapita kumapeto, who amabwerera: "Who did you speak to?" Ku nyuzipepala tinkakangana za zimenezi pa mitu ya nkhani, ndipo kawirikawiri ankapambana who, chifukwa ndi wamfupi.

Ana a sukulu zina ankalemba liwu limodzi. Ambiri ankalemba who, ena whom, wina analemba whose. Nditatsegula mtolo wa sukulu ya cha ku Mavwere ija, pepala loyamba linali ndi who/whom. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinapitiriza kutembenuza, ndipo pafupifupi mtolo wonse unali choncho, ndi kamzere kopendekeka komweko pakati, who patsogolo, whom pambuyo, ngati mmene zinalili pa kiyi.

Ndinanyamula mapepala angapo kupita nawo kwa amene anakonza mayesowo. Anali bambo wamkulu amene waphunzitsa Chingerezi m'boma lino kuyambira tili anyamata, ndipo tonse timangowatchula kuti achikulire. Anavala magalasi, nayang'ana mapepala, nayang'ana kiyi, nayang'ananso mapepala.

"Mwana wa kumudzi sadziwa kuti yankho lingakhale pawiri," anatero. "Amadziwa kuti pali lokhoza ndi lolakwa. Awa aona kanthu."

"Mwina anaphunzitsidwa choncho," ndinatero.

"Ndi kamzere komwe? Inu a nyuzipepala, anthu khumi akakuuzani nkhani ndi mawu ofanana, mumati chiyani?"

"Timati wawauza ndi munthu mmodzi."

"Eya. Funso ndi loti wawauza liti, ndipo ataona chiyani."

Pofika nthawi ya chakudya nkhani inali itafika kale pa desiki iliyonse, ndipo inabwera ndi mfundo ziwiri zimene ine sindinkazidziwa. Yoyamba inali yoti mayeso ndi kiyi yemwe anasindikizidwa pa Kamwendo, pa shopu ya fotokope ya mlamu wawo wa mayi aja ophunzitsa anawo. Yachiwiri inali yoti mwana wamkazi wa mlamuyo ali m'kalasi momwemo, ndipo nthawi ya sukulu amagona kunyumba kwa mayiwo.

Mayiwo, amene ana ndi aphunzitsi omwe amawatchula kuti madamu, ankachonga zimangirizo m'chipinda china. Achikulire anawaitanira pakhonde, nandiuza kuti ndikhalepo. Anabwera cholembera chofiira chili m'manja, nawerenga mapepala aja ataimirira.

"Akhoza," anatero. "Vuto lili pati?"

"Vuto ndi loti akhoza onse, madamu, ndipo akhoza mofanana ndi kiyi."

"Ndiye kuti kiyi ndi wolondola, achikulire."

"Munamuona liti kuti mudziwe kuti ndi wolondola?"

"Lero mmawa, pamene munatigawira."

"Alamu anu ali bwanji?"

Madamu anatseka cholembera chija. Sanakweze mawu. Anati alamu awo ali bwino, ndipo ngati achikulire akufuna kuwapatsa moni, shopu akuidziwa, popeza anaisankha ndi iwo omwe. Anati iwo anaphunzitsa ana kuti pa funso lotere mawu onse awiri ndi ololedwa, ndipo anawauza kuti akaona kuti onse ndi ololedwa alembe onse, kuti wochonga aone kuti mwanayo akudziwa.

Ndinkawayang'ana manja. Munthu amene akunama nthawi zina manja amamuulula, koma ndinaonapo anthu oona akunjenjemera ndi akuba atakhazikika, choncho sindinaphunzirepo kanthu. Chimene ndinaona ndi choti yankho lawo linali lokonzeka kale. Likhoza kukonzeka chifukwa ndi loona, likhozanso kukonzeka chifukwa munthu anadziwa kuti adzafunsidwa.

Madzulo ake ahedi a sukulu ya madamu anaimbira foni achikulire. Makolo anali atamva kale kuti mayeso anabooka, ndipo ena ankati dzina la sukulu lisaipe chifukwa cha munthu amene amamulipira okha. Ahedi anapempha kuti anthu awiri a kunja akafufuze komiti isanakumane. Achikulire anadzisankha okha, nasankhanso ine.

Tinayambira ku shopu. Ili kumbuyo kwa malo oimirira makabaza, pakati pa ogulitsa mayunitsi ndi osoka nsapato. Mwini wake, mlamu uja, tinamupeza akusindikiza makadi a ukwati a anthu a ku Chipata. Ndi bambo wonenepa, woseka msanga.

"Takulandirani apolisi," anatero. "Mukufuna kope ingati ya mlandu wanga?"

Ndinamufunsa kuti mayeso anasindikizidwa bwanji. Anati achikulire anabwera nawo okha, nakhala pa mpando uwo, naona pepala lililonse likutuluka. Ndinafunsa ngati anakhalapo mpaka kumapeto. Bamboyo anayang'ana achikulire.

"Magetsi anazima," achikulire anatero.

"Ndiye?"

"Ndiye ndinapita kukadya tchipisi apo. Kodi ndikanakhala kumayang'ana makina ozima?"

"Mapepala munanyamula?"

"Anali m'katoni. Katoni ndinaimanga ndi chingwe."

"Ndi kiyi yemwe?"

Achikulire anavomera kuti ayi. Kiyi anali adakali pa galasi la makina, chifukwa ndi amene ankasindikizidwa magetsi akuzima. Mwini shopu anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Mukuona? Ine Chingerezi changa ndi cha pa malisiti. Mukanandisiyira chaka chathunthu sindikanadziwa kuti ichi ndi chiyani."

"Foni yanu ili ndi kamera," ndinatero.

"Ili nayo, bwana. Ya achikulire ilinso nayo. Ya osoka nsapato apa ilinso nayo."

Tinatuluka tikudziwa kuti mpata wobera unalipo. Kuti wina anaugwiritsa ntchito sitinadziwe. Achikulire anatsogola mpaka pa siteji. Ndinaona kuti tsopano nkhaniyi yawakhudza mwa mtundu wina: ngati mayeso anabookadi, anabookera pa mbale yawo ya tchipisi, ndipo ngati wina ati alangidwe, kunali bwino kwa iwo kuti akhale wina. Sindikunena kuti ankaganiza choncho. Ndikunena kuti kuyambira pamenepo ndinayamba kuwayang'ananso iwo.

Mmawa mwake tinakwera njinga zamoto kupita ku sukulu ija. Msewu wake ndi wafumbi, wodutsa m'minda ya mtedza. Tinagwirizana panjira kuti kufunsa ana ngati anaona mayeso nkutaya nthawi, chifukwa palibe mwana angavomere. Tinati tiwafunse mafunso atsopano pakamwa. Mwana amene anangoloweza yankho la pa kiyi akanagwa pa funso lina, pomwe amene anaphunzitsidwadi akanadziwa pamene pafunika who, pamene pafunika whom, ndi pamene onse alowa.

Ahedi anatilandira mwaulemu wochuluka, wa munthu amene akufuna alendo achoke msanga. Madamu anapempha kuti akhale nawo m'kalasi. Achikulire anakana, ine ndinati akhale kumbuyo koma asalankhule, ndipo tinagwirizana choncho. Anakakhala pa desiki yomaliza, pafupi ndi zenera, manja atapinda.

Ndinayamba ndi kufunsa ana kuti anaphunzira bwanji mawu awiriwa. Mnyamata wina wamtali wa pakati anaimirira.

"Madamu anati zili ngati ndani ndi yani."

"Fotokoza."

"Timati, wakuitana ndani? Sitinganene kuti wakuitana yani. Ndiye pamenepo ndi who. Koma timati, waitana yani? Kapena, waitana ndani? Zonse zimamveka. Ndiye pamenepo ndi who kapena whom."

Ndinali ndisanamvepo wina akufotokoza choncho, ndipo ndinaona kuti zikugwira. Achikulire anangoti, "Hmm," napita pa bolodi. Analemba kuti: "______ did you invite?" Kalasi yonse inayankha pamodzi, ngati kutchalitchi: "Who kapena whom!"

"Limenelo ndi lofanana ndi la pa mayeso," achikulire anandinong'oneza. Anafufuta, nalemba lina: "______ cooked the rice?" Analoza mtsikana wina wa kutsogolo.

"Who kapena whom," anatero mtsikanayo.

Analoza wina.

"Who kapena whom, aphunzitsi."

Kumbuyo ndinamva desiki ikulira. Madamu anali atasuntha. Mnyamata wamtali uja ndi anzake ochepa anakweza manja, ndipo mmodzi anati ndi who yekha, chifukwa munthuyo ndi amene waphika. Achikulire analemba lachitatu: "For ______ did you cook?" Apa ngakhale mnyamata wamtali uja anati onse awiri. Ndinamufunsa chifukwa.

"Timati kwa yani, timatinso kwa ndani. Ndiye zonse zilowa."

Pamenepo ndi pamene fanizo la madamu linathera mphamvu. Pa Chichewa zonse zimalowadi. Pa Chingerezi cholemba, pambuyo pa for pamabwera whom. Mumsewu ungamve wina akuti "For who?" ndipo palibe angamumange, koma pa mayeso amuika mtanda.

Ndinafunsa mtsikana wa kutsogolo uja chifukwa chimene anayankhira awiri pa funso la mpunga. Anayang'ana pansi, kenaka anayang'ana kumbuyo kwa madamu, kenaka anati:

"Ukalemba onse, limodzi limakhala lokhoza."

Kalasi inaseka. Anali mawu oti aliyense ankawadziwa koma palibe anafuna kuwanena pamaso pa alendo.

Tinatuluka panja. Achikulire anati zimenezi zikutsimikiza zimene ankanena: anawa sakudziwa kanthu, anangoloweza who/whom kuchokera pa kiyi, ndipo tsopano akuliponya paliponse. Ine ndinati zikhoza kutanthauza zimenezo, koma zikhozanso kutanthauza kuti chizolowezichi anali nacho kale mayeso asanafike. Njira yosiyanitsira inali imodzi. Ndinawafunsa ngati pa mayeso aja panali mipata ina yofuna who kapena whom.

Anaganiza pang'ono. Inalipo iwiri, ku tsamba lomaliza, m'gawo la kumaliza zokambirana za anthu awiri. Umodzi unali "______ opened the gate?" ndipo kiyi ankati who yekha. Wina unali "With ______ did you travel?" ndipo kiyi ankati whom yekha. Gawo limenelo ndinali ndisanalionepo, chifukwa ankachonga ndi aphunzitsi ena, madesiki angapo kumanja kwanga. Iwonso gawo langa sanalione.

Mapepala anali atabwezedwa kale ku sukulu, ali mu ofesi ya ahedi, omangidwa ndi luzi. Tinawamasula, ndipo ulendo uno tinayambira kumbuyo. Pa mapepala ambiri, mipata iwiri ija inalinso ndi who/whom, ndi kamzere komweko, ndipo pambali pake panali mitanda yofiira. Wochonga gawo limenelo anangotsata lamulo lathu loti mwana akalemba mayankho awiri, limodzi lili lolakwa, sapeza malikisi. Sanaone chachilendo, chifukwa kwa iye anali ana olephera basi. Ine ndinaona ana okhoza modabwitsa. Tonse tinkayang'ana mapepala omwewo.

"Mwana amene waona kiyi sataya malikisi dala pa mafunso awiri kuti apeze pa limodzi," ndinatero.

Achikulire anatembenuza mapepala ena, pang'onopang'ono, akunyowetsa chala. Kenaka anatulutsa limodzi naliika pambali.

"Nanga ili?"

Linali la mwana wa mwini shopu. Pa funso la kumsika analemba who/whom. Pa la geti analemba who. Pa la ulendo analemba whom. Zonse zinali monga pa kiyi. Panalinso ana ena ochepa amene anakhoza choncho, koma palibe wina mwa iwo amene bambo ake ali ndi makina a fotokope.

Anamuitana. Anali mtsikana wamfupi, wometa, wovala juzi ngakhale kunkatentha. M'kalasi muja sanakweze dzanja ngakhale kamodzi, ndipo ndinamufunsa chifukwa chake.

"Mukanati ndaonera," anatero.

"Unaonera?"

"Ayi."

"Bambo ako anakuonetsa chilichonse pa foni?"

"Foni yawo sagwiritsa munthu. Ngakhale amayi."

Achikulire anatenga pepala loyera nalemba funso. Ndinaona kuti asankha lovuta, limene limagwetsa ngakhale anthu olemba nyuzipepala: "______ do you think took the key?" Ambiri akaona do you think amathamangira whom, poganiza kuti munthuyo ndi woganiziridwa. Koma munthuyo ndi amene watenga, ndipo do you think angolowerera pakati. Yankho ndi who.

Mtsikanayo anawerenga, nayang'ana achikulire, nawerenganso.

"Ndiyankhe mawu a mu mpata, kapena ndiyankhe funsolo?"

Ahedi anatsokomola. Achikulire anati ayankhe za mu mpata.

"Who."

"Chifukwa?"

"Mukachotsa do you think patsala kuti who took the key. Ndiye ndi wotenga. Simunganene kuti him took, mumati he took."

Anamupatsa ena awiri. Pa "______ are you waiting for?" anati onse alowa, koma iye angalembe who, chifukwa for ali kumapeto ndipo whom angamveke ngati wavala jekete ndi kabudula. Pa lomaliza anakayika, nasintha yankho, nabwerera pa loyamba, ndipo loyambalo linali lokhoza. Anamulola kupita.

"Ndi wanzeru," ahedi anatero, mokhala ngati akupempha.

"Wanzeru akhozanso kuonera," achikulire anayankha.

Sindinawatsutse, chifukwa zimenezo ndi zoona. Zimene tinapeza zinaonetsa kuti kalasi sinaone kiyi. Sizinaonetse, ndipo sizikanatha kuonetsa, kuti palibe munthu ndi mmodzi yemwe anamuona. Ndinauza achikulire kuti tinatumidwa kudzafufuza ngati madamu anaonetsa ana mayankho, ndipo pa funso limenelo umboni ukuti ayi. Ngati akufuna kuti tilembenso za mpata umene unalipo ku shopu, tilembe wonse, kuyambira pamene magetsi anazima. Anandiyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi, kenaka anati za ku shopu sizinali mbali ya ntchito yathu.

Madamu tinawapeza adakali m'kalasi muja, ana atapita kokapuma. Anali atalembanso pa bolodi mafunso atatu aja, mipata ili yosadzaza. Ndinawauza zimene tinapeza ku tsamba lomaliza. Ndinkayembekeza kuti apuma mpweya wa munthu womasuka, koma anangofunsa kuti ndi ana angati analemba awiri pa funso la geti. Ndinati ambiri.

"Ndiye mukalembe kuti sindine wakuba, ndine wosadziwa kuphunzitsa."

"Sitilemba choncho, madamu."

"Makolo awerenga choncho. Wakuba mwina akanamukhululukira, chifukwa ana akanakhoza."

Achikulire anaima pakhomo, chipewa chili m'manja. Anati lamulo madamu analiphunzitsa bwino, ndipo za ndani ndi yani iwo aziba, akaziphunzitse kwawo. Cholakwika chinali kuuza ana kuti alembe onse awiri. Mwana amene akuopa kulephera ukamuuza kuti pena mayankho awiri amaloledwa, mawu oti pena sawamva.

"Nanga ndiwauze kuti whom yekha ndiye wokhoza?" madamu anafunsa. "Ndiwanamize?"

"Muwauze zoona, koma pa pepala asankhe limodzi."

"Liti?"

Apa achikulire ndi ine tinasiyana. Iwo anati pa funso ngati la kumsika mwana alembe whom, chifukwa palibe wochonga wa mayeso a boma angamuike mtanda, pomwe who akhoza kukumana ndi wochonga wachikale. Ine ndinati whom ndi wotetezekadi pa mayeso, koma mwana adziwe kuti akadzalowa mu ofesi n'kufunsa mlendo kuti "Whom do you want?" adzamveka wouma, ndipo "Who do you want to see?" si cholakwa. Madamu anatiyang'ana tonse awiri.

"Mwaona? Akuluakulu awiri, mpata umodzi, mayankho awiri. Koma ana anga ndiye akuba."

Panalibe anaseka kupatula ine, ndipo ndinasiya msanga.

Lipoti tinalemba mu ofesi ya ahedi, lalifupi. Linati palibe umboni woti ana anaona mayankho, ndipo linafotokoza za tsamba lomaliza. Achikulire anafuna kuwonjezera kuti mayeso asadzasindikizidwenso pa shopu ya wachibale wa mphunzitsi aliyense, ndipo ndinavomera, chifukwa ndi nzeru. Tinasaina tonse.

Komiti inakumana sabata yotsatira. Ine sindinapiteko, koma ahedi anandiuza kuti panali mkangano. Bambo wina anafunsa kuti ngati panalibe kanthu, alendo anabwereranji pa njinga zamoto. Mayi wina anati mwana wake walephera Chingerezi pa moko, ndipo kaya ndi kuba kaya si kuba, iye akuona mitanda. Ena anakumbutsa kuti mphunzitsi wina wa Chingerezi wolola kukhala kumudzi kumeneko sapezeka msanga. Pomaliza anagwirizana kuti madamu apitirize mpaka ana alembe mayeso a boma, ndipo za chaka chamawa adzakambirana zotsatira zikadzatuluka.

Mwana wa mwini shopu anachoka kunyumba kwa madamu. Tsopano akugona kwa mayi wina wa kutchalitchi kwawo, pafupi ndi sukulu, ndipo ndamva kuti anasankha yekha. Ndikadutsa pa shopu paja bambo ake amandipatsabe moni wa apolisi, koma saseka ngati kale, chifukwa sukulu zina zinayamba kukasindikiza mapepala awo ku mashopu a ku Boma. Pa siteji ya Kamwendo alipobe anthu amene amati mayeso anabooka ndipo ife tinaphimba. Mmodzi anandiuza pamaso kuti munthu wa nyuzipepala amadziwa kubisa nkhani kuposa kuiulula.

Madamu ndinakumana nawo pa tsiku la msika, akugula choko ndi mabuku. Anati abwereza mutu wonse kuyambira pachiyambi, ndipo mwana aliyense wolemba kamzere kopendekeka mu mpata amamubweza kuti akasankhe. Ena akusankha bwino, ena akungosankha. Mayeso a boma ayamba mwezi wamawa. Zotsatira zikuyembekezeka mvula isanagwe, ndipo komiti yanena kuti idzakumana sabata yomweyo kuti ione ngati madamu apitirize ntchito.